Mnzanu Akati "Usauze Munthu"

Pali ntchito ina pa koleji imene palibe amaifunsira, koma ambiri timangopezeka tikuigwira. Mnzanu wagwa m'vuto lalikulu, ndipo mwa anthu onse a pasukulu wasankha inuyo kuti mudziwe. Masiku oyamba mumathandiza ndi mtima wonse. Pofika sabata yachitatu mukugona maola anayi okha, tsiku lopereka asainimenti lakudutsani, ndipo foni ikalira n'kuona dzina lake, mtima umati phwii. Kenako mumayamba kudziimba mlandu kuti mnzake wa munthu samva choncho.

Anthu amakonda kunena kuti wotopa motere wachita kupyoza muyeso pokonda mnzake. Ine ndimaona kuti vuto lili pa kakonzedwe ka ntchitoyo. Munthu amatheratu mphamvu ngati ali yekhayekha wodziwa nkhaniyo, ngati thandizo lake lilibe nthawi yoyambira ndi yothera, komanso ngati wadzipatsa udindo wochiritsa mnzakeyo. Zitatu zonsezi zingathe kusinthidwa popanda kumutaya mnzanu.

Tiyerekeze nkhani imodzi kuti tisamangoyankhula m'malere. Mumagona chipinda chimodzi ndi mnzanu wa chaka chachiwiri. Bambo ake, omwe ankamulipirira fizi, amwalira pakati pa semesita. Wapita kumaliro, wabwerako, ndipo papita masabata atatu. Kukafeteriya sapitako pokhapokha mutamukoka. Makalasi a m'mawa wasiya. Usiku sagona, ndipo cha m'ma 1 koloko amakudzutsani kuti mucheze. Zokamba zake ndi zomwezomwezo: fizi ya semesita yamawa ichokera kuti, azibale a bambo ake akulozera kale malata a nyumba, amayi ake atani ndi ana atatu otsalawo. Usiku wina akunena motsitsa mawu kuti, "Aise, bola ndikanangowatsatira. Koma usauze munthu."

Funso loyamba kufunsa

Musanaganize za kutopa kwanu, pali chinthu chimodzi chofunika kuchidziwa usiku womwewo, chifukwa zina zonse zidalira yankho lake. Mufunseni mosapita m'mbali: "Kodi ukuganiza zodzipha?" Ambiri timaopa kuti tikatchula mawuwa timupatsa maganizo amene analibe. Akatswiri a zamaganizo afufuza nkhaniyi kambirimbiri ndipo sanapeze kuti kufunsa kumawonjezera ngozi. Nthawi zambiri wofunsidwayo amapepukidwa poona kuti pali munthu amene sanathawe mawuwo. Funso lozungulira, monga lakuti "Sukuganiza zoipa eti?", limamuuza yankho limene mukufuna kumva, ndipo adzakupatsani lomwelo.

Akavomera, funsani mafunso ena atatu modekha. Kodi waganizira njira yake? Kodi chinthucho ali nacho pafupi? Kodi anayamba wayesapo m'mbuyomu? Munthu wonena kuti amangolakalaka atagona osadzukanso, koma alibe pulani, akufunika kuonana ndi achipatala kapena mlangizi mawa lomwe kapena mkuja. Munthu amene wasankha njira, wakonza chogwiritsa ntchito, kapena wayamba kugawa katundu wake ndi kulemba mawu otsazika, sangadikire kuti kuche. Musamusiye yekha. Tumani wa chipinda choyandikana akadzutse ametironi kapena woyang'anira hositelo, ndipo mupite naye kuchipatala usiku womwewo. Mapilisi ochuluka, mankhwala ophera makoswe kapena a m'munda achotsedwe m'chipindamo, asungidwe ndi munthu wina. Chifukwa chake n'chakuti mphindi zoopsa kwambiri sizikhalitsa. Maganizowo akafika pachimake amatha kutsika pakapita mphindi kapena maola ochepa, ndipo ngati chinthu choopsacho chili kutali munthuyo amapezeka wadutsa pamenepo ali moyo. Ngati wamwa kale chinachake, musamusanzitse kapena kumumwetsa mkaka. Thamangirani kuchipatala ndi botolo kapena pepala la chimene wamwacho.

Funsoli limakutetezani inunso. Munthu amene sanafunse amagona khutu lili m'mwamba, kudzidzimuka nthawi iliyonse bedi la mnzake likalira, chifukwa sakudziwa kukula kwa chimene akulondera. Mantha a chinthu chosadziwika amadya tulo kuposa choonadi chowawa.

Lonjezo limene simuyenera kupanga

Tibwerere ku mawu aja akuti "usauze munthu." Mukangoyankha kuti "Ndalumbira, sindiuza aliyense," mwadzitsekera m'chipinda chopanda khomo. Kuyambira pamenepo ndinu namwino, mlangizi, mlonda wa usiku ndi kholo, nokhanokha, kwinaku mayeso akuyandikira. Ndipo tsiku limene zinthu zidzafike poipa mudzayenera kusankha pakati pa kuswa lumbiro ndi kuika moyo wake pachiswe.

Yankho labwino limasunga ulemu wake koma silikumangani. Mungathe kunena kuti: "Nkhani yako sindikaifalitsa, ndipo sindichita kanthu kumbali iwe osadziwa. Koma iyi ndi yaikulu kuposa ife awiri. Tiye tisankhe limodzi munthu wamkulu mmodzi woti timuuze." Onani kuti simukumufunsa ngati mungauze munthu. Mukumupatsa mwayi wosankha kuti munthuyo akhale ndani: mlangizi wa pasukulu, anesi a kukiliniki, abusa a pasukulu, mkulu woyang'anira ophunzira, mphunzitsi amene amamukhulupirira, kaya azakhali ake. Kusankhako kumamubwezera kamphamvu pang'ono pa nthawi imene akuona ngati zonse zamupulumuka m'manja. Mukhozanso kudzipereka kumuperekeza mpaka pakhomo la ofesi, ngakhale kumuyambira chiganizo choyamba ngati pakamwa pamulemera.

Nanga akakana onse? Ngati palibe ngozi ya moyo, mupatseni masiku awiri kapena atatu, kenako mufunsenso. Ngati ngozi ilipo, muuzeni poyera kuti mukukauza akuti, ndipo kauzeni. Akhoza kukwiya, mwina osakuyankhulani sabata yathunthu. Zimawawa, koma ubwenzi umakonzeka pakakhala kuti anthu ake ali moyo.

Chodabwitsa n'chakuti pa matenda a m'thupi ife Amalawi nzeru iyi tili nayo kale. Munthu akagonekedwa m'chipatala, gadiyani sakhala mmodzi mwezi wonse. Amayi aakulu amagona pansi pa bedi masiku angapo, kenako amabwera achemwali kudzawalandira, wina amaphika kukhitchini ya magadiyani, wina amangotumiza ndalama ya makala. Palibe amene amati gadiyani wopita kwawo kukapuma wathawa wodwala. Ngakhale onyamula maliro amalandirana panjira ya kumanda. Koma vuto likakhala la m'maganizo, manyazi amatipangitsa kulisenzetsa munthu mmodzi, ndipo kawirikawiri munthuyo ndi wazaka makumi awiri ngati ife tomwe.

Choncho pa nkhani ya mnzathu uja, cholinga cha sabata yoyamba n'chakuti pakhale anthu osachepera anayi, aliyense ndi gawo lake. Mmodzi akhale wophunzitsidwa ntchitoyi, nesi kapena mlangizi, woti aone ngati chisonicho chasanduka matenda. Wina akhale wachibale wodziwa za kumudzi. Wina akhale mnzake wa m'kalasi womusungira manotsi ndi kumudutsira popita kukalasi ya m'mawa. Inuyo mutsale ndi gawo la wa m'chipinda chimodzi: kudya naye, kumumvera, kuona kusintha. Si onse ayenera kudziwa zonse. Wamanotsi akungofunika kudziwa kuti mnzawo waferedwa ndipo zikumuvuta.

M'chaka cha 2011 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mothandizana ndi mabungwe ena, linatulutsa kabuku kophunzitsa anthu wamba mmene angathandizire munthu amene wakumana ndi zoopsa. Ntchito yonse anaiika m'magawo atatu: kuona, kumvetsera, ndi kulumikiza munthuyo ndi thandizo. Kuchiritsa mulibemo. Ife ophunzira timachita bwino ziwiri zoyambazo n'kuiwala chachitatu, pamene chachitatucho ndicho chimapatsa wothandiza mpata wopuma. Kunja kwa sukulu, zipatala za boma za m'maboma zimakhala ndi anamwino kapena madokotala oona za matenda a maganizo, ndipo kuli chipatala chachikulu cha matendawa ku Zomba komanso cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Poyambira pake ndi kiliniki ya pafupi, imene imatumiza munthu patsogolo ngati pakufunika.

Chimene agogo a ku Harare amachita pa benchi

Tsopano za macheza a 1 koloko usiku aja. Amaoneka ngati ndiwo thandizo lenileni, chifukwa ndi pamene mnzanu amakhuthula zakukhosi. Koma taonani chimene chimachitika. Amafotokoza za fizi, inu mumavomereza kuti n'zovutadi. Amafotokoza za azibale, nonse mumapsa mtima. Mumabwereranso pa fizi. Ikamakwana 3 koloko palibe chimene chasunthika, nonse mwatopa, ndipo mawa nonse mujomba kalasi yoyamba. Katswiri wina wa zamaganizo wa ku Amereka, Amanda Rose, analemba za khalidweli m'chaka cha 2002 atafufuza pakati pa ana ndi achinyamata. Anapeza kuti abwenzi okonda kubwerezabwereza mavuto awo limodzi amagwirizana kwambiri, koma nkhawa ndi kukhumudwa zimakhalanso zochuluka pakati pawo. N'chifukwa chake msamphawu ndi wovuta kuuona: ubwenzi ukukoma, pamene anthu ake akumira.

Njira ina tingaiphunzire kwa anansi athu a ku Zimbabwe. M'chaka cha 2006 dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa ntchito yotchedwa Benchi la Ubwenzi ku Mbare mumzinda wa Harare. Madokotala a ntchito yake anali ochepa kwambiri m'dzikomo, choncho anaphunzitsa amayi achikulire, amene anthu amangowatcha agogo, kukhala pa benchi panja pa kiliniki n'kumacheza ndi anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri. Kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016, wokhudza anthu oposa 500 m'makiliniki 24, anaonetsa kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi, mwa anthu amene anakhala pa benchi, pafupifupi 14 mwa 100 alionse ndiwo anali akadali ndi zizindikiro za matenda ovutika maganizo, pamene mwa amene analandira chisamaliro cha masiku onse anali pafupifupi 50 mwa 100.

Ife si agogo ophunzitsidwa, ndipo macheza a m'hositelo sangalowe m'malo mwa chipatala. Koma kakonzedwe kawo n'kotheka kukatengera. Agogowo sakhala pa benchi usiku wonse. Amakumana ndi munthu maulendo asanu ndi limodzi, ulendo uliwonse mphindi pafupifupi 45. Amayamba ndi kumvetsera, kenako amathandiza munthuyo kutchula mavuto ake onse, asankhe limodzi lokha, aganize yekha njira zingapo, asankhepo imodzi yoti ayese asanakumanenso. Agogowo sapereka yankho. Ndipo iwonso ali ndi owayang'anira amene amakambirana nawo nkhani zolemera ndi kulandira odwala amene awakulira. Amene tikuphunzira zauphunzitsi tikudziwa kale chifukwa chake phunziro la kusekondale limakhala ndi belu pakatha mphindi 40: mutu wa munthu, wa mphunzitsi ndi wa mwana yemwe, uli ndi polekezera.

Tiyeni tichite zimenezi ndi mnzathu uja. Masana, osati usiku, mumuuze kuti: "Usiku tonse mitu imakhala itatopa, ndipo ndikuona kuti sindikukuthandiza bwino. Tiye tizicheza tsiku lililonse tikangodya chakudya chamadzulo, tiziyenda mpaka kugeti n'kubwerera. Ikakwana 10 koloko ine ndizigona. Koma maganizo odzipha aja akakufikira mwamphamvu, undidzutse nthawi ina iliyonse, ndipo tikadzutsa ametironi limodzi." M'mawu amenewa muli zinthu ziwiri zofunika kuzisiyanitsa. Khomo la ngozi ndi lotsegula usana ndi usiku. Khomo la macheza lili ndi nthawi yake. Mukasokoneza ziwirizi, usiku uliwonse umasanduka wangozi, ndipo tsiku la ngozi yeniyeni lidzakupezani mulibe mphamvu.

Pa ulendo woyamba wa kugeti, mulekeni ayankhule. Pa wachiwiri, tengani pepala. Mavuto atuluka asanu: fizi, katundu wa kumudzi, amayi, makalasi amene wajomba, kusowa tulo. Mufunseni kuti ndi liti limene angaligwire sabata ino. Mwina anena fizi. Koma "fizi" ndi phiri, choncho liphwanyeni. Kodi ngongole yeniyeni ndi ndalama zingati? Nthawi zambiri munthu wamantha sanapite n'komwe kukafunsa. Ntchito ya mawa ikhale imodzi yokha: kupita ku ofesi ya zachuma kukatenga chiwerengero chenicheni ndi kufunsa ngati amalola kulipira pang'onopang'ono. Mkuja, kulemba kalata kwa mkulu woyang'anira ophunzira yofotokoza za malirowo, kuti aphunzitsi adziwe chifukwa chake anajomba. Kalatayo alembe yekha, inu mukhale pambali. Mukamulembera, mukamupitira ku maofesi onse, mukamubwereka ndalama yanu ya sopo ndi thiransipoti, mumakhala mukumuuza mosadziwa kuti iye sangathenso kanthu, ndipo katundu yense amasamukira pamutu panu.

Nthawi yoikika imathandiza iyenso. Munthu wosweka mtima amalimba akadziwa kuti 6 koloko madzulo mnzake abwera ndithu, kusiyana ndi mnzake amene lero wakhala naye maola asanu, mawa wazimitsa foni chifukwa chotopa, osanena kanthu. Kusowa mwadzidzidzi koteroko ndiko kumapweteka, chifukwa wovutikayo amakutanthauzira kuti wakhala mtolo. Theka la ola tsiku lililonse kwa miyezi itatu n'lotheka. Usiku wathunthu tsiku lililonse sumatha masabata awiri.

Pali chinthu china chovuta chimene chimachitika nthawi zina. Mukati mukupita kwanu Loweruka ndi Lamlungu, kapena mukukawerenga ku laibulale, mnzanu n'kunena kuti, "Ukapita, usadzandipezenso." Musakangane naye kuti akungokuopsezani, komanso musasinthe ulendo wanu mwakachetechete. Mawuwo atengeni monga oona nthawi iliyonse: itanani wamkulu uja munasankha limodzi, mumusiye m'manja mwake, kenako pitani. Ngati analidi pangozi, wathandizidwa ndi woyenera. Ngati anali mantha chabe osiyidwa yekha, waona kuti mawu oterowo amabweretsa thandizo, koma sakumangirirani pampando.

Mmene mungadziwire kuti inuyo mwayamba kumira

M'chaka cha 1995 katswiri wina, Charles Figley, anatulutsa buku lofotokoza kutopa kumene kumagwira anthu othandiza ovutika, monga anamwino ndi alangizi. Anaonetsa kuti munthu womvetsera zowawa za ena nthawi yaitali amatha kuyamba kuonetsa zizindikiro zofanana ndi za wovutikayo. Ngati zimagwira anthu ophunzira ntchitoyi, amene amaweruka n'kupita kwawo, kuli bwanji munthu amene bedi lake lili mamita awiri kuchokera pa la mnzakeyo?

Chizindikiro choyamba kawirikawiri ndi tulo. Munthu wamsinkhu wathu amafunika maola 7 mpaka 9, ndipo mukagona ochepera 6 masiku angapo otsatizana, mtima umafupika ndipo zimene mwawerenga sizikhala m'mutu. Chachiwiri ndi kuzemba: mukuchedwa dala kubwerera kuchipinda, mukuona uthenga wake pa WhatsApp osautsegula. Chachitatu ndi kuuma mtima, pamene akulira inu osamva kalikonse, kapena kumupsera mtima pa zinthu zazing'ono monga kapu yosatsuka. Chachinayi n'chobisika kwambiri: mwayamba kuona dziko ndi maso ake. Mawu ake akuti "palibe chimene chidzasinthe" ayamba kumveka oona kwa inunso, ndipo mwasiya kwaya, mpira kapena anzanu ena chifukwa mukuona ngati kuseka ndi kumulakwira.

Mukaona ziwiri mwa izi kwa sabata yathunthu, musadikire kuti muphulike. Bwererani kwa anthu anayi aja n'kunena kuti gawo lanu lakula, wina alandireko masiku awiri pa sabata. Pezani munthu wanu woti muzimuuza mmene inuyo mukumvera. Mlangizi yemwe uja angathe kukuonani panokha, ndipo simufunika kuulula zinsinsi za mnzanu kuti munene kuti mwatopa ndipo mukuchita mantha. Sungani zinthu ziwiri kapena zitatu pa sabata zimene sizisuntha zivute zitani, monga makalasi anu onse, tsiku lanu lopuma, ndi masewera a Lachitatu. Ngati kugona chipinda chimodzi kwafika poti simukugonanso, kupempha ametironi kuti mugone kwina masiku angapo, wina n'kudzagona m'malo mwanu, n'chimodzimodzi ndi gadiyani kulandiridwa.

Za kutaya mtima

Kutopa kumachira ndi tulo. Kutaya mtima n'kovutirapo, ndipo kumabwera chifukwa choyembekezera zinthu pa nthawi yolakwika. Mwamuperekeza kuchipatala, wayamba kuonana ndi mlangizi, mwina wapatsidwa mankhwala, koma patha masiku khumi ali chimodzimodzi. Mumayamba kuganiza kuti zonse mwachitazi n'zopanda pake.

Apa pamafunika kudziwa kayendedwe ka zinthuzi. Chisoni cha maliro chimabwera ngati mafunde. Munthu amatha kuseka masana n'kulira madzulo, kukhala bwino sabata yonse n'kugweranso pansi atamva nyimbo imene inaimbidwa pamaliro, ndipo zimenezi zimatenga miyezi. Matenda ovutika maganizo, amene ambiri timangoti dipuresheni, ndi osiyana pang'ono. Achipatala amawaganizira ngati munthu wakhala wokhumudwa kapena wosasangalatsidwa ndi chilichonse pafupifupi tsiku lonse, masiku onse, kwa masabata awiri kapena kuposa, pamodzi ndi kusintha kwa tulo ndi kadyedwe, kudziona wachabechabe, kapena maganizo a imfa. Kusiyanitsa ziwirizi ndi ntchito yawo, osati yanu. Chimene inu muyenera kudziwa n'chakuti mankhwala a matendawa sagwira ngati panado. Pamapita masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina asanu ndi limodzi, munthu asanayambe kumva kusintha, pamene zovuta zake monga nseru, kuuma kukamwa kapena kuwodzera zimayamba masiku oyambirira. Ambiri amasiya pamenepa, poganiza kuti mankhwalawo akuwadwalitsa. Gawo lanu ndi kumulimbikitsa kuti abwerere kwa amene anamupatsa mankhwalawo akafotokoze, m'malo mongosiya yekha. Masabata oyambawa ndi ofunikanso kukhala tcheru, chifukwa mwa achinyamata ena maganizo odzipha amatha kukula mankhwala akangoyambidwa kapena akasinthidwa. Ndipo munthu amene anali wothedwa nzeru kwambiri akangokhala phee mwadzidzidzi, wosangalala popanda chimene chasintha, mufunseninso funso lija.

Choncho musamayeze ndi funso lakuti "kodi wachira?" Yezani ndi zinthu zowerengeka. Sabata yatha anadya kamodzi patsiku, sabata ino kawiri. Analowa makalasi atatu mwa khumi, tsopano asanu ndi limodzi. Wasamba osauzidwa. Wakudzutsani kamodzi m'malo mwa kasanu. Zilembeni penapake, chifukwa pa tsiku loipa mutu umaiwala zonsezi, wanu ndi wake womwe. Sabata yobwerera m'mbuyo idzakhalapo, makamaka nthawi ya mayeso kapena uthenga woipa ukachokera kumudzi, ndipo sikutanthauza kuti mwayambiranso pa ziro.

Muyesenso ntchito yanu ndi zimene zili m'manja mwanu. Munafunsa funso lovuta, munauza woyenera, munafika 6 koloko monga munalonjezera. Fizi simungailipire. Azibale a kumudzi simungawasinthe. Ngakhale madokotala odziwa bwino ntchito yawo sakhala ndi ulamuliro pa zonse zimene wodwala angachite, ndipo wophunzira mnzake sangakhale nawo. Pa chifukwa chomwechi, pewani kumulonjeza kuti zonse zikhala bwino, kapena kumuuza kuti akanakhala wolimba m'chikhulupiriro sakanamva chonchi. Mawu oyambawo sangawakhulupirire, achiwiriwo amamuwonjezera mlandu pamwamba pa chisoni. Kupemphera naye, ngati iye akufuna, kumayenda limodzi ndi kumuperekeza kukiliniki.

Semesita ikamatha

Nthawi imene ambiri timaiwala kuikonzekera ndi holide. Anthu anayi aja amabalalika tsiku limodzi, wina ku Karonga, wina ku Nsanje, ndipo mnzathu akubwerera kunyumba kumene mpando wa bambo ake uli wopanda munthu. Ngati simukonza kanthu, foni yanu ndiyo idzakhale chipatala chake, ndipo mudzakhala mukumvetsera zoopsa muli pa mtunda wa makilomita mazanamazana, opanda chimene mungachite.

Kutatsala sabata imodzi kuti mutsekere, khalani naye pansi mulembe pepala limodzi, iye asunge lake, inu mujambule pafoni. Palembedwe zizindikiro zimene iye amadziwira kuti zinthu zayamba kuipa, zinthu ziwiri kapena zitatu zimene zimamutsitsa mtima, dzina ndi nambala ya wachibale wa kumudziko amene akudziwa nkhaniyi, ndi chipatala chapafupi ndi kwawo. Ngati akumwa mankhwala, afunse achipatala amupatse okwanira kapena kalata yokatengera kwawoko, ndipo ndi bwino kuti azimusungira wachibaleyo. Wachibale ameneyo muyankhule naye inu nomwe mnzanu ali pomwepo, kuti nambala yake isadzakhale yachilendo tsiku limene mudzaifune. Kenako gwirizanani masiku oimbirana, mwachitsanzo Lachiwiri ndi Lachisanu madzulo, mphindi makumi awiri. Akakuimbirani usiku ali pangozi, mukhale naye pa foni pamene mukutumiza uthenga kwa wachibale uja kuti apite kuchipinda kwake.